Foni yabedwa, makhodi osungira ali mu Drive: ndilowa bwanji mu akaunti?

Nabanda: Abale ndithandizeni. Foni yanga andibera dzulo madzulo. Ndabwereka foni yakale ya mlongo wanga kuti ndilowe mu akaunti yanga ya Google. Pasiwedi ndikuidziwa bwinobwino, koma ndikangoilemba ikundifunsa khodi ya mu Authenticator, ndipo apu imeneyo inapita ndi foniyo. Ndikadina "Try another way" ikundipatsa njira zitatu: kuvomereza pa foni yobedwayo, kulandira meseji pa nambala yanga yomwe simu yake inapitanso, kapena "Enter one of your 8-digit backup codes". Makhodi amenewo tinawatsitsa tsiku lomwe mlongo wangayo ankandikonzera chitetezochi, koma anasungidwa mu Drive ya akaunti yomweyi. Mu akauntimo muli zithunzi za ana, makalata a kuntchito, zonse.

Kondwani: Pepani chemwali. Koma iyi si nkhani yovuta. Pitani kukampani ya mafoni akakupatseni simu ina ya nambala yomweyo, meseji ibwera, mulowa. Basi.

Tadala: Inenso zinandichitikira. Mungodikira sabata imodzi, pini ija imatheka kuisintha. Ndi ya manambala 6 eti?

Kondwani: Tadala iwe ukunena za WhatsApp. Apa akunena za akaunti ya Google.

Tadala: Aaa pepani, ndinangowerenga pamwamba.

Madalitso: Mayi Nabanda, musanapite kulikonse ndiyankheni mafunso atatu. Kodi pali kompyuta kapena tabuleti ina yomwe akauntiyi idakali yotsegula? Foni yobedwayo inali ndi loko? Nanga simu munaiikira pini?

Nabanda: Laputopu ya kunyumba, Gmail imatseguka yokha ndikayatsa. Foni inali ndi loko wojambula ndi chala uja. Pini ya simu ayi, sindinkadziwa n'komwe kuti simu imakhala ndi pini yakeyake.

Madalitso: Ndiye kuti muli ndi mwayi waukulu. Laputopu imeneyo ndi khomo lokhalo lomwe lakutsegukirani, muisamale. Musadine "Sign out", musafufute mbiri ya burawuza, musalole mwana kapena aliyense kuti "aiyeretse". Akaunti imakhala yotsegula chifukwa burawuza inasunga kachiphaso kakang'ono kosonyeza kuti munalowa kale ndipo munadutsa masitepe onse awiri, pasiwedi ndi khodi. Kachiphaso kameneko kakafufutika, laputopu nayo iyamba kukufunsani khodi ngati foni yobwerekayo.

Zomwe anena a Kondwani n'zoona mbali imodzi. Simu yatsopano ikulowetsani. Koma taganizirani: ngati meseji ingakulowetseni inu mawa, ndiye kuti lero ingathandize amene ali ndi simuyo. Loko wa foni sateteza simu. Wakuba amangoizula n'kuiika mu foni ina, mameseji anu onse n'kumafikira iyeyo. Choncho ntchito yoyamba ndi kuimbira kampani ya mafoni pompano kuti aitseke nambalayo. Kukatenga simu ina kubwere pambuyo.

Kondwani: Koma wakubayo pasiwedi sakuidziwa. Khodi ya pa meseji payokha angaichite chiyani?

Madalitso: Polowa mwachizolowezi sangaichite kanthu, mwanena zoona. Koma pali khomo lina, la munthu amene waiwala pasiwedi. Kumeneko nambala ya foni yomwe inalembetsedwa ngati yobwezeretsera akaunti ndi umodzi mwa maumboni omwe amafunsidwa. Sindikunena kuti simu payokha imatsegula akaunti nthawi zonse, amayang'ananso ngati chipangizo ndi malo n'zodziwika. Koma foni yodziwikayo ilinso m'manja mwa munthu yemweyo. Komanso si Google yokha. Maakaunti ena ambiri amalola kusintha pasiwedi ndi meseji basi.

Nabanda: Ndaimba, aitseka. Andifunsa mafunso ambirimbiri koma zatheka. Tsopano ndili pa laputopu.

Madalitso: Tsegulani Drive, m'bokosi lofufuzira mulembe izi:

```
Backup-codes
```

Fayilo yomwe Google imapereka munthu akadina kutsitsa makhodi imayamba ndi dzina limenelo, kenako dzina la akaunti, n'kumalizira `.txt`. Ngati mlongo wanu sanaisinthe dzina iwoneka. Yang'ananinso mu Downloads ya laputopuyo.

Nabanda: Yapezeka! Muli makhodi 10, iliyonse manambala 8. Ndijambule ndiike pano muone ngati ndi omwewo?

Woyang'anira gulu: Ayi chonde. Musaike makhodi pano, musatumizirenso aliyense kumbali, ngakhale a Madalitso amene akukuthandizaniwo. Ndachotsanso uthenga wa munthu wina amene analemba kuti mumulembere kumbali akubwezereni akaunti. Amenewo ndi omwe amamalizitsa anthu.

Madalitso: Zikomo akulu. Mayi, ndi omwewo. Tengani cholembera mukopere awiri okha papepala pakadali pano. Awiri okha chifukwa makhodi onsewa tiwapha posachedwa. Apu ya Drive pa foni yobedwayo imatsegula fayilo yomweyi, ndiye tiziwatenga ngati makhodi omwe munthu wina anawaona kale.

Kenako pa laputopu pitani apa, polemba nokha adiresi, osati podina linki:

```
myaccount.google.com/security
```

Dinani "2-Step Verification". Ikufunsani pasiwedi. Nthawi zina imafunsanso sitepe yachiwiri ngakhale muli kale mkati, chifukwa mukufuna kukhudza zachitetezo. Ikatero, "Try another way", mulembe imodzi mwa makhodi awiri aja.

Bambo Mwale: Pamene mayiwa akuchita zimenezo, ndiloleni ndinene zanga, mwina wina aphunzirapo. Ine foni sanandibere. Ndinali ndi nambala yomwe ndinasiya kuigwiritsa ntchito nditapita kunja kwa nthawi yaitali. Nditabwerako ndinapeza kuti nambala ija inaperekedwa kwa munthu wina, monga mmene makampani amachitira ndi nambala zogona. Akaunti yanga yakale ya imelo inkatumiza khodi kunambala imeneyo. Ndinaimbira mwini watsopanoyo, mnyamata waulemu ndithu, koma anakana kundiwerengera khodi. Anati sakundidziwa. Ndinakwiya tsikulo, koma pano ndimaona kuti anachita bwino. Akauntiyo mpaka lero sindinaibweze. Fomu yobwezeretsera ndinaidzaza, inandifunsa pasiwedi yakale ndi zina zomwe ndinaiwala kalekale.

Chifundo: Mnyamatayo anaganiza bwino bambo. Akuba ambiri amayamba ndi mawu omwewo, akuti ndatumiza khodi kunambala yanu molakwitsa, tandiwerengereni.

Bambo Mwale: N'zimene ndikunenazo mwanawe. Funso langa n'lakuti, makhodi osungirawa amatha mphamvu pakapita zaka? Pa akaunti yatsopanoyi ndinawalemba m'kope, koma papita nthawi.

Madalitso: A Google satha ndi nthawi bambo. Khodi imafa m'njira ziwiri: mukaigwiritsa ntchito, chifukwa iliyonse imagwira kamodzi kokha, kapena mukapempha gulu latsopano, pamenepo akale onse amafa nthawi imodzi. Vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri n'lachiwirilo. Munthu anadina kupanga atsopano tsiku lina akungoyang'ana, sanawalembe, ndipo m'kope muli akufa. Njira yodziwira ndi kutsegula tsamba la "Backup codes" n'kuyerekeza ndi kope lanu. Tsambalo limasonyezanso omwe anagwira kale ntchito.

Nabanda: Ndalowa. Inandifunsadi khodi, ndagwiritsa imodzi. Ndikuona mndandanda: Google prompt, Authenticator, nambala ya foni, Backup codes. Ndiyambe ndi kusintha pasiwedi?

Kondwani: Eya, sinthani pasiwedi, foni ya wakubayo ituluka yokha mu akaunti.

Madalitso: Apa ndiye pamene anthu ambiri amapunthwa. Kusintha pasiwedi kumatulutsa akaunti m'zipangizo zambiri, koma Google imanena yokha kuti zipangizo zomwe mumatsimikizira nazo kuti ndinu polowa zimatsala zili mkati. Foni yobedwayo ndi chipangizo choterocho, ndi imene imalandira ka uthenga kofunsa kuti ndinu kodi. Ndiye iyenera kutulutsidwa ndi dzanja.

Ndondomeko yake ikhale motere. Choyamba "Backup codes", dinani kuti akupatseni atsopano. Lembani onse 10 papepala, muwerengenso kawiri, musatsitse fayilo. Mukatero muli ndi njira yobwerera yomwe wakuba sanaionepo, ndipo chilichonse chitalakwika kutsogoloku simutsekeredwa kunja. Fayilo yakale ija muifufute, ngakhale kuti makhodi ake afa kale, kuti isadzakusokonezeni chaka chamawa.

Chachiwiri, ngati foniyo inali ya Android, pitani pa `android.com/find` mutumize lamulo loifufuta. Limagwira pokhapokha foniyo ikalumikizika pa intaneti, ndiye musaliyembekezere kwambiri, ambiri amaizimitsa nthawi yomweyo. Chachitatu, bwererani pa tsamba la Security, "Your devices", "Manage all devices", sankhani foniyo, "Sign out". Pasiwedi musinthe pomaliza.

Kondwani: Izi zokhudza pasiwedi sindinkazidziwa. Ine ndimauza anthu kuti asinthe pasiwedi basi.

Nabanda: Ndachita zonse. Pa foni yobwerekayi ndalowa ndi khodi imodzi mwa atsopanowa, ndaikhwatcha papepala. Ndaika Authenticator, ndajambula khodi ya QR yomwe laputopu yandionetsa. Manambala 6 akubwera, koma ndikawalemba pa laputopu ikukana, ikuti khodi yolakwika. Ndayesa mobwerezabwereza.

Kondwani: Ndi netiweki imeneyo. Apu ija imafuna data kuti ilandire khodi yolondola kuchokera ku Google. Yatsani data muyesenso.

Madalitso: Apu siilandira kalikonse achimwene. Mutha kuiika foni pa "Airplane mode" manambala azibwerabe. Mu khodi ya QR ija muli chinsinsi, mndandanda wautali wa zilembo. Foni imasunga chinsinsicho, Google nayo imasunga chomwecho. Masekondi 30 aliwonse, mbali zonse ziwiri zimatenga chinsinsi ndi nthawi ya pa wotchi, n'kuwerengera masamu ofanana, n'kupeza manambala 6. Zikafanana mwalowa. Njirayi inalembedwa poyera mu 2011, n'chifukwa chake maapu osiyanasiyana amatulutsa manambala ofanana akapatsidwa chinsinsi chimodzi.

Ndiye khodi ikamakanidwa pa foni yomwe yangokonzedwa kumene, woyamba kumukayikira ndi wotchi. Mayi, foni ya mlongo wanuyo inakhala nthawi yaitali yozimitsa? Ikani wotchi yake pafupi ndi ya laputopu.

Nabanda: Yatsalira ndi mphindi 4.

Madalitso: Ndi zimenezo. Mphindi 4 ndi magawo 8 a masekondi 30. Seva imalekerera kusiyana pang'ono, koma osati kochuluka chonchi. Pitani ku Settings, "Date & time", muyatse kuti nthawi izidzikonza yokha. Musaikonze ndi dzanja. Ndinaonapo foni yomwe ola linkaoneka lolondola ndendende koma khodi ikukanidwa, kunapezeka kuti inasankhidwira chigawo cha nthawi cha dziko lina, mwini wake n'kungotembenuza wotchi ndi dzanja kuti igwirizane ndi ya pakhoma. Masamu aja satengera ola lomwe mukuliona pa sikirini, amatengera nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi yomwe foni imaipeza pochotsera chigawocho.

Nabanda: Yavomera! Ndiye apu ya pa foni yobedwa ija idakatulutsabe makhodi ogwira ntchito?

Madalitso: A akaunti ya Google ayi. QR yatsopano ndi chinsinsi chatsopano, chakalecho chatayidwa. Apu yakaleyo izingotulutsa manambala opanda ntchito. Koma funso ndi ili: mu apu munali akaunti imodzi yokha?

Nabanda: Zinalimo zinayi. Facebook, imelo ya kuntchito, ndi ina ya Microsoft. Ndipo ndadabwa, nditalowa mu apu yatsopanoyi zonse zabwera zokha.

Chifundo: Ndiye kuti inkasunga mu akaunti yanu ya Google. Anayamba zimenezo mu 2023, pamaoneka kachizindikiro ka mtambo pamwamba. Kwa ine ichi ndi chinthu chabwino kwambiri chomwe anachita. Kale foni ikagwera m'madzi, makhodi onse amapita nayo.

Madalitso: Lero zawathandiza, sindikana. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, zinsinsi za maakaunti atatu enawo zidakali zomwezo, ndipo kope lake linapita ndi foni yobedwa. Mayi, mukapuma mulowe mu akaunti iliyonse, muchotse apu yakale, mujambule QR yatsopano ngati mmene mwachitira apa. Ya kuntchito muwauze oyang'anira makompyuta, mwina ndi iwo okha angathe.

Chachiwiri ndi chomwe sitigwirizana ndi a Chifundo. Zinsinsi zonse zikamasungidwa mu akaunti ya Google, amene walanda akauntiyo watenga imelo yosinthira mapasiwedi ena onse, watenganso sitepe yachiwiri ya maakaunti onsewo. Masitepe awiri asanduka imodzi. Komanso kusunga kumeneku sikukanawathandiza mayiwa kulowa mu Google momwemo. Kuti zinsinsi zibwere umayenera kulowa kaye, ndipo kuti ulowe umafuna khodi. N'chimodzimodzi ndi fayilo ija ya mu Drive: kiyi wapadera watsekeredwa m'nyumba yomwe amayenera kutsegula. Chawapulumutsa ndi laputopu, ndipo imeneyo inali ngozi yabwino chabe.

Chifundo: Ndikumva, koma tiyeni tinene zoona. Mwa anthu omwe mumawathandiza, angati analandidwa akaunti ya Google yokhala ndi masitepe awiri, ndipo angati anangotaya kapena kuswa foni? Achiwiriwa ndi ochuluka zedi. Mukawauza kuti azimitse kusungako, ambiri sadzasamutsa zinsinsi zawo ndi "Transfer accounts", adzangolira foni ikafa.

Madalitso: Pamenepo sinditsutsa. Kwa munthu amene sadzalemba kalikonse papepala, kuli bwino asiye choyatsa. Ine ndekha ndinazimitsa, ndili ndi foni yachiwiri yakale yomwe ndinajambulira ma QR omwewo, imakhala m'kabati.

Chifundo: Ndiye inu ndinu mmodzi pa anthu angati? Ine changa chikhala choyatsa.

Tadala: Funso la munthu wosadziwa. Bwanji osangozimitsa zonsezi? Mavuto onsewa abwera chifukwa cha masitepe awiri omwewo.

Bambo Mwale: Ndinaganizapo choncho nditataya akaunti ija. Koma mdzukulu wanga anandionetsa kuti pasiwedi yanga inali yomweyo pa masamba ambiri, ndipo limodzi mwa masambawo linabedwapo mapasiwedi. Amene ali ndi mndandanda umenewo amangoyesa pa imelo.

Nabanda: Abale, chinthu china. Ndisanafufute foni ija ndinaika uthenga pa sikirini yake wokhala ndi nambala ya mlongo wanga, kuti mwina wina angaitole. Pompano mlongo wanga walandira meseji yachizungu yoti foni yapezeka, ndidine linki kuti ndione pomwe ili. Tsamba lake likuoneka ngati la Google ndithu, likufuna imelo ndi pasiwedi.

Chifundo: Musalembe kanthu! Amenewo ndi omwe ali ndi foni yanu, kapena amene awagulitsa. Foni ya Android yofufutidwa imafunsa akaunti ya mwini wake isanayambe kugwira ntchito, ndiye akufuna muwapatse nokha. Yang'anani adiresi pamwamba, muona kuti siikuthera `google.com`.

Nabanda: Pali mawu akuti google koyambirira, koma kumapeto kuli zina. Sindinalembe kanthu.

Kondwani: Ngakhale akanalemba pasiwedi, Authenticator yatsopano ikanawatchinga. Khodi imafa pakatha masekondi 30, akuba sangaisunge.

Madalitso: Sangaisunge, koma safunikira kuisunga. Masamba abodza a masiku ano amakhala pakati, pakati pa inu ndi tsamba lenileni. Mukalemba pasiwedi, pulogalamu yawo imailemba nthawi yomweyo pa tsamba lenileni. Tsamba lenileni likafunsa khodi, labodzalo limakufunsani inu. Mukailemba, amaipititsa pasanathe sekondi. Kenako tsamba lenileni limapereka kachiphaso kaja ndinakatchula poyamba, kosonyeza kuti munthuyu walowa, ndipo kamakhala m'manja mwawo. Kuyambira pamenepo safunanso khodi ina. Meseji, apu, ngakhale kudina kuti "Yes" pa foni, zonsezi zimagwa mumsampha umenewu, chifukwa ndinu amene mukuvomereza.

Ndipo masamba ena amapita patsogolo, amakuuzani kuti khodi ya apu yakanika, lembani imodzi mwa makhodi osungira. Imeneyo ndiye siifa pa masekondi 30. Angathe kuisunga mpaka tsiku lomwe aifuna.

Chifundo: Mnzanga wa kuntchito zinamuchitikira zimenezi. Chomwe chinatidabwitsa n'chakuti atasintha pasiwedi, makalata ake ankapitabe kwa akubawo. Tinapeza kuti anaika fyuluta yotumiza kope la imelo iliyonse yokhala ndi mawu okhudza malipiro ku adiresi ina.

Madalitso: Eya, ndipo mayi Nabanda muyang'anenso zimenezo, kungotsimikiza. Mu Gmail pa laputopu, Settings, "Forwarding and POP/IMAP" ndi "Filters and Blocked Addresses". Mukaona adiresi yomwe simukuidziwa, chotsani. Pa tsamba la Security onaninso kuti imelo ndi nambala zobwezeretsera ndi zanu.

Chomwe msampha wa pakatiwu sungathe kunyenga ndi kiyi wachitetezo wolowetsa pa USB, kapena chomwe pa sikirini amachilemba kuti "passkey". Zimenezi sizikupatsani manambala oti mulembe. Burawuza ndi imene imauza kiyiyo dzina lenileni la tsamba lomwe latseguka, ndipo kiyi yemwe analembetsedwa pa `google.com` sayankha tsamba la dzina lina, ngakhale lifanane bwanji m'maso mwanu.

Kondwani: Ndiye "passkey" imeneyo ikakhala pa foni, foni n'kubedwa, sitibwerera pomwe tayambira?

Madalitso: Tibwerera pomwepo. Imatseka khomo la masamba abodza, koma funso la mmene udzalowere foni ikasowa limatsalabe, ndipo yankho lake ndi pepala lija kapena kiyi wachiwiri. Amene amagula makiyi a USB amauzidwa kugula awiri pa chifukwa chomwechi.

Ndiwonjezere ichi: akaunti imalimba molingana ndi njira yofooka kwambiri pa mndandanda wa "Try another way". Mukaika kiyi koma meseji n'kuisiya, wakuba adzasankha meseji.

Nabanda: Ndiye ndichotse nambala ya foni?

Madalitso: Ine ndikanaichotsa pa mndandanda wa "2-Step Verification", popeza apu ndi pepala muli nazo. Ngati nambala yobwezeretsera ndikanaisiya, chifukwa amatumizirakonso machenjezo. Koma simu yatsopanoyo muiikire pini tsiku lomwelo. Samalani: mukalakwitsa pini katatu simu imatsekeka n'kufuna PUK, yomwe imakhala pa khadi lomwe simu inabweramo.

Chifundo: Apa sindikugwirizana nanu. Mayiwa ali pa foni yobwereka, ya wotchi yosadalirika. Mukawachotsera meseji lero, mlongo wawo n'kutenga foni yake mawa, atsala ndi pepala lokha. Adikire agule foni yawo kaye.

Madalitso: Mwanena bwino, adikire. Pakuti nambala yatsekedwa, palibe changu.

Bambo Mwale: Nanga pepalalo lisungidwe kuti? Ine kope langa limakhala pamodzi ndi ziphaso zanga. Ndinalemba adiresi ya imelo pamwamba, ndi pasiwedi pansi pake, kuti ana asadzavutike ndikadzachoka.

Madalitso: Bambo, tsamba limenelo ndi akaunti yathunthu. Amene walijambula ndi foni mphindi imodzi walowa, ndipo inu simudziwa. Pasiwedi muilembe kwina, makhodi kwina. Pa pepala la makhodi lembanipo deti lomwe munawatenga ndi kachizindikiro kokukumbutsani akaunti yake, osati adiresi yonse. Makope akhale awiri: lina kunyumba, lina kwa munthu amene mumamukhulupirira, mu envelopu yomata. Osati m'chikwama cha foni, osati m'thumba la laputopu, chifukwa zimabedwa pamodzi. Za ana, Google ili ndi "Inactive Account Manager", mumasankhiratu amene adzapatsidwe zinthu zanu akaunti ikadzakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito.

Bambo Mwale: Mawu anu ndawamva. Koma ana anga ndimawadziwa, envelopu ziwiri adzataya imodzi. Ndiganizirabe.

Chifundo: Ine anga ali mu apu yosungira mapasiwedi, sindikhulupirira mapepala.

Madalitso: N'zotheka. Dziyeseni ndi funso limodzi: foni ndi laputopu zitasowa usiku umodzi, pa chipangizo chachilendo mungatsegule apu imeneyo popanda kulowa mu Gmail? Maapu ena oterewa akaona chipangizo chatsopano amatumiza khodi ku imelo.

Chifundo: Hmm. Yanga imatumizadi ku imelo. Ndiyang'ana madzulo ngati pali njira ina.

Tadala: Nanga mayiwa akanakhala opanda laputopu?

Madalitso: Akanadikira simu yatsopano monga ananenera a Kondwani. Meseji ikanakhala kuti palibe pa mndandanda, akanapita pa `g.co/recover`. Akaunti ikakhala ndi masitepe awiri, kutsimikiza kumeneko kungatenge masiku 3 mpaka 5 a ntchito, ndipo si lonjezo kuti alola. Zimathandiza kuyesera pa chipangizo ndi pamalo pomwe umalowera nthawi zonse.

Nabanda: Ndafika pa ya Microsoft tsopano. Sindikuona makhodi 10 ngati aja.

Madalitso: Kumeneko n'kosiyana. Amapereka khodi imodzi yokha ya zilembo ndi manambala 25. Muipeza pansi pa tsamba la zachitetezo, pomwe alemba "Generate a new code". Mukapanga yatsopano yakale imafa. Musachotse njira zonse zotsimikizira nthawi imodzi, onjezerani yatsopano kaye kenako muchotse yakale, apo ayi akudikiritsani masiku 30.

Kondwani: Mkazi wanga ali ndi iPhone, ndinaona pali "Recovery Key". Ndi chinthu chomwecho? Ndimuyatsire?

Madalitso: Dzina likufanana koma khalidwe lake ndi lina. Ndi ya zilembo 28, ndipo mukaiyatsa, njira yachizolowezi yomwe Apple imabwezeretsera akaunti imazimitsidwa. Makhodi a Google amawonjezera khomo, iyi imatseka makomo ena n'kusiya limodzi. Mukaitaya, n'kukhalanso opanda chipangizo chomwe chili kale mkati, akauntiyo mwina simudzaionanso. Musamuyatsire inu. Mufotokozereni, asankhe yekha, ndipo alembe ndi dzanja lake asanadine kuvomereza.

Kondwani: Amataya makiyi a galimoto kawiri pa sabata ameneyo. Tiyamba ndi "Recovery Contact", yosankha munthu wodalirika woti adzamuthandize kubwezeretsa akaunti, ndaiona pa tsamba lomwelo.